Popanda mzere wachiwiri palibe tebulo, lekani kuzunza batani la sipesi

Lero ndapsa mtima, ndipo ndilankhula. Mnyamata wina amene timagwira naye ntchito wanditumizira uthenga kuti GitHub, tsamba la pa intaneti limene olemba mapulogalamu amasungapo ntchito zawo, yaonongeka, akuti yamusokonezera tebulo lake. Nditatsegula fayilo yake ya README.md, yofotokoza za ntchitoyo ndipo yolembedwa mu Markdown, ndapeza kuti munthu wathera masana onse akudina sipesi, kukankha mawu kuti ayang'anizane, mzere uliwonse kuuyeza ndi maso. Mu fayilo muli mooneka bwino ndithu. Kungodina Preview, batani loonetsa mmene tsamba lidzaonekere kwa wowerenga, zonse zaunjikana pamodzi, ndime imodzi yaitali yodzaza ndi tindodo. Ndiye iye akuti makina ndi olakwa. Makina alakwa chiyani, achimwene? Simunalembe mzere wachiwiri. Nkhani yonse ndi imeneyo basi.

Chimene analemba ndi ichi. Manambala ndaika anga achitsanzo chabe, musapite nawo kusitolo.

```
| Katundu  | Kuchuluka | Mtengo |
| Simenti  | 10        | 250000 |
| Misomali | 4         | 18000  |
```

Kwa inu amene simunaikhudzepo, Markdown ndi kalembedwe kamene mumalemba mawu wamba n'kuika tizizindikiro pang'ono, pulogalamu n'kusandutsa tizizindikiroto kukhala mitu, mindandanda ndi matebulo. Kandodo koimirira aka `|` ndi kamene kamalekanitsa danga lina ndi linzake. Mpaka pamenepo mnyamatayu anakhoza. Koma tindodo patokha sitipanga tebulo. Pulogalamu ikaona tindodo siidziwa ngati mukufuna tebulo kapena mwangolemba chiganizo chokhala ndi tindodo. Imadikira chinthu chimodzi: mzere wa timizere togona pansi penipeni pa mzere woyamba. Ikaupeza, imati wapamwambawo ndi mitu, apansiwo ndi zamkati. Ikapanda kuupeza imatenga zonse ngati ndime wamba, ndipo mu ndime wamba masipesi khumi oyandikana amaoneka ngati sipesi imodzi. Masana onse aja anathera pamenepo.

Onani tsopano.

```
| Katundu  | Kuchuluka | Mtengo |
| -------- | --------- | ------ |
| Simenti  | 10        | 250000 |
| Misomali | 4         | 18000  |
```

Ndaonjezera chiyani? Mzere umodzi. Sindinasinthe liwu, sindinasinthe nambala. Mzere woyamba ndi mitu ya madanga, ndipo idzatuluka ya zilembo zonenepa popanda inu kuchita kanthu. Mzere wachiwiri sudzaoneka n'komwe kwa wowerenga, ntchito yake ndi youza pulogalamu kuti pano pali tebulo. Kuyambira wachitatu kutsika mmunsi, mzere uliwonse wa mu fayilo ndi mzere umodzi wa tebulo. Pa danga lililonse ikani timizere titatu kapena kuposerapo, `---`, ndipo mwamaliza. Kutalika kwake kulibe kanthu, titatu ndi makumi awiri zimatuluka chimodzimodzi.

Ndipo apa mpamene ndikufuna mumve, chifukwa ndi pamene anthu amataya nthawi. Kuyang'anizana kumene mukuona pamwambapa, tindodo toima mzere umodzi, ndi kwa maso a wolemba basi. Pulogalamu siikuwerengera. Masipesi a m'mbali mwa mawu imawadula n'kutaya. Tebulo ili pansili, losaoneka bwino chonchi, limatuluka ndendende ngati lapamwambalo.

```
|Katundu|Kuchuluka|Mtengo|
|---|---|---|
|Simenti|10|250000|
|Misomali|4|18000|
```

Ndendende. Ndiye mukamadina sipesi kuti 18000 asunthire kumanja, mukutunga madzi ndi dengu. Sasuntha. Mudine kakhumi, mudine ka 100, sasuntha. Chimene chimasuntha mawu mu danga ndi mzere wachiwiri womwewo, umene munausiya uja. Mumangoika madontho awiri awa `:` kumbali kumene mukufuna kuti mawu atsamire. Mukawaika kumanzere kwa timizere, `:---`, mawu atsamira kumanzere. Mukawaika kumanja, `---:`, atsamira kumanja. Mukaika uku ndi uku, `:---:`, akhala pakati. Mukapanda kuika, zamkati zimangoyambira kumanzere. Palibe china choloweza pamtima: kumene kuli madontho n'kumene mawu amapita.

Pa tebulo lathuli, maina a katundu ayambire kumanzere chifukwa ndi kumene maso amayambira kuwerenga. Kuchuluka kukhale pakati, timanambala take n'tatifupi. Mtengo upite kumanja, ndipo pamenepa sindinyengerera munthu. Ndalama zimatsamira kumanja kuti ziro womaliza wa 250000 akhale pamwamba pa ziro womaliza wa 18000, wowerenga aone msanga kuti yaikulu ndi iti. Mukazisiya kumanzere, 2 amakhala pamwamba pa 1, ndipo munthu wothamanga amaona ngati mitengo iwiriyi siyosiyana kwenikweni, chikhalirecho ina yaposa inzake kakhumi ndi kupitirira.

```
| Katundu  | Kuchuluka | Mtengo |
| :------- | :-------: | -----: |
| Simenti  | 10        | 250000 |
| Misomali | 4         | 18000  |
```

Madonthowo amalamula danga lonse, kuyambira mutu mpaka pansi. Simungati bokosi ili lokha lipite kumanja, anzake atsale. Ndipo amaikidwa pa mzere wachiwiri pokha. Ndaonapo wina ataika madontho pambali pa 250000 mwiniwakeyo, n'kumadabwa kuti atuluka pa tsamba ngati mbali ya mtengo.

Mwina muti chifukwa chiyani anthu sadziwa. Mwina chifukwa Markdown yoyamba ya John Gruber ya mu 2004 inalibe matebulo, anabwera pambuyo ngati choonjezera, ndiye ophunzitsa ambiri amangowadumpha. Chabwino. Koma safunsa anadya phula. Munthu wakhala pafupi ndi anzake tsiku lonse, pakamwa ali napo, koma wasankha kumenyana ndi batani la sipesi mpaka dzuwa kupendeka, kenaka n'kumanena makina.

Tsono mzere wachiwiriwu uli ndi lamulo limodzi limene sulekerera: madanga ake achuluke mofanana ndi a mzere wa mitu. Mitu itatu, magulu a timizere atatu. Mukalemba mitu itatu koma `| --- | --- |` pansi pake, tebulo lonse limakanika, mubwerera ku mulu wa tindodo uja. Choncho mukadina Preview n'kuona tindodo ndi timizere tili poyera, musayambe kufufuza kwina. Werengani mitu, werengani magulu a timizere. Kawirikawiri vuto lili pomwepo.

Chondinyansa n'chakuti mizere yapansi ilibe ukali umenewu, ndipo n'chifukwa chake ndi yoopsa. Pa GitHub mukalemba mabokosi awiri pa tebulo la madanga atatu, lachitatu limangotuluka lopanda kanthu. Mukalemba anayi, lachinayi limatayidwa mwakachetechete, popanda chenjezo. Ganizani: mwaiwala kulemba kuchuluka kwa misomali, mwalemba `| Misomali | 18000 |`. Tebulo lituluka lokongola, koma 18000 wakhala pansi pa Kuchuluka, Mtengo uli mbee. Ngati bokosi lilibe choika, lisiyeni lopanda kanthu koma tindodo take tikhalepo, `| Misomali | | 18000 |`. Chimodzimodzi ngati m'mawu anu muli kandodo koimirira kamene mukufuna kaoneke: lembani `\|`, apo ayi pulogalamu iyesa kuti mwayamba danga lina, ndipo zonse zisunthira kutsogolo, chomaliza n'kugwa.

Musadumphenso mzere pakati pa tebulo. Mzere wopanda kanthu umauza pulogalamu kuti tebulo latha, ndiye simenti ikhala m'tebulo, misomali ikhala panja ndi tindodo take. Malo a mzere wopanda kanthu ndi pamwamba pa mitu, kulekanitsa tebulo ndi ndime imene yatsogola, ndi pansi tebulo likatha. Musadinenso Enter pakati pa bokosi pofuna kuti mawu atsike. Mzere watsopano mu fayilo ndi mzere watsopano wa tebulo. Mawu akatalika asiyeni atalike, pulogalamu iwapinda yokha.

Kandodo kenikeniko ena sakapeza. Si L wamng'ono, si I wamkulu, si 1, si `/` wopendekera. Pa makiyibodi ambiri a kompyuta kali pa batani limodzi ndi `\`, mumadina pamodzi ndi Shift. Pa ena batanilo lili pamwamba pa Enter, pa ena lili pafupi ndi Z. Pa foni kali m'tsamba la zizindikiro, kawirikawiri lachiwiri. Ndipo olemba pa foni chenjerani: mafoni ena mukalemba timizere tiwiri kapena titatu motsatizana amatilumikiza kukhala mzere umodzi wautali, akuti akukukonzerani. Kwa Markdown umenewo si `---`. Mzere wachiwiri wafa, tebulo lafa nawo, inu muli kuyang'ana osaona cholakwika chifukwa ndi maso zimafanana. Onetsetsani kuti timizere tikuoneka katatu, kapena zimitsani kukonza kwa foniko.

Tindodo ta kumayambiriro ndi kumapeto kwa mzere mutha kutisiya, tebulo limatulukabe. Ine ndikuti muzitiika. Woyamba kumene akamasiya tindodo ta m'mbali amasokonezeka powerenga madanga, ndipo kuwerenga madanga ndi ntchito yokhayo imene ali nayo.

Ndibwerezenso kwa amene mwangodumphira pansi pano osawerenga zapakati. Mitu pamwamba. Timizere pansi pake, osati pansi pa mzere wachitatu, osati kumapeto kwa tebulo, pansi penipeni pa mitu. Madontho pa timizerepo. Mukafuna kukongoletsa fayilo ndi masipesi kuti mnzanu wodzakonza mawa asavutike, kongoletsani, si tchimo, inenso ndimatero pa matebulo aafupi. Koma chitani zimenezo tebulo litatuluka kale mu Preview, osati kuyamba ndi kukongoletsa chinthu chimene kulibe.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi ichi. Inu amene tebulo likakukanikani mumakalipanga kwina n'kulijambula, n'kumata chithunzi mu README, mukuganiza kuti mwatithandiza? Mtengo wa simenti ukasintha tisintha bwanji pa chithunzi? Nambala sitingaikope, liwu sitingalifufuze, bandulo yatha potsegula chithunzi cha mizere inayi. Enanso amakopa tebulo la Markdown n'kulimata pa WhatsApp, n'kumafunsa kuti bwanji silikutuluka. WhatsApp siidziwa matebulo amenewa, ngakhale mzere wachiwiri mutaulemba bwino chotani. Kumeneko lembani mndandanda wamba, musatitumizire tindodo usiku.