Dzanja likamanjenjemera, funso ndi lakuti limatero nthawi yanji

Ine sindigwirizana ndi mawu akuti "ndi ukalamba basi" tikaona dzanja la munthu wachikulire likunjenjemera. Ukalamba pawokha sugwedeza dzanja limene langokhala phee pamwendo.

Malume anga zinawayamba kudzanja lamanja lokha. Akakhala pansi n'kumamvetsera nkhani, chala chachikulu ndi chamkombaphala zinkapekesana ngati akupota kanthu. Koma akatambasula dzanjalo kuti atenge kapu, kunjenjemera kuja zii, madzi osatayika. Ife tinkati poti akumwa bwinobwino ndiye kuti palibe vuto. Tinaphonya pomwepo, chifukwa umu ndi mmene matenda a Pakinsoni amachitira: dzanja limanjenjemera likamapuma, ka 4 mpaka 6 pa sekondi, kawirikawiri kuyambira mbali imodzi, ndipo limadekha likagwira ntchito.

Chimene chinawatengera chidwi adokotala sichinali kunjenjemerako ayi, koma kuchedwa. Anawauza kuti azigunditsa zala ziwiri zija mofulumira, akuzitambasula kwambiri. Poyamba zinatheka, kenaka zala zinayamba kutseguka pang'onopang'ono mpaka kutsala pang'ono kuima. Atawayendetsa, mkono wamanja unali gwa, osagwedezeka, mapazi akukhwekhwereza. Apa m'pamene tinakumbukira kuti kumanga mabatani kunkawatengera nthawi, zilembo zawo zinali zitachepa, nkhope nayo ili duu (ife kumati mwina atikwiyira). Gwero lake ndi kufa kwa maselo a muubongo opanga dopamini, amene amathandiza kuti thupi liziyenda mosadodoma. Mankhwala a levodopa sachiza matendawa, koma malume atayamba kuwamwa anayambanso kuvala okha.

Palinso kunjenjemera kwina kofala kuposa uku, kumene nthawi zambiri kumakhala kwa kumtundu. Kumeneko n'kosiyana kwambiri. Manja ali pamwendo, bata. Munthu akangonyamula kapu kapena cholembera, onse awiri amayamba kugwedezeka, nthawi zina mutu ndi mawu omwe. Koma amayenda changamu, thupi silimuuma, ndipo levodopa samuthandiza. Kunjenjemera kwina kwachanguchangu koma kosaoneka kwambiri kumabwera ndi mantha, khofi wambiri, mankhwala a mphumu monga salibutamo, kapena chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti mankhwala ena, monga haloperido wa matenda a maganizo ndi metokolopulamaidi woletsa kusanza, amatha kumupangitsa munthu kuoneka ndendende ngati wa Pakinsoni, kawirikawiri mbali zonse ziwiri. Musawasiyitse nokha, koma mukamapita nawo kuchipatala nyamulani mapaketi onse amene akumwa. Ndipo popeza dzanja limatha kudekha pamaso pa dokotala, apempheni akuluwo muwajambule kavidiyo ali chikhalire, kena akunyamula kapu, kena akuyenda.