Kukhala pakhomo zaka ziwiri si mlandu, mlandu ndi bodzalo

Lero ndakwiya abale. Tinali pa intavyu yofuna wolemba mapulogalamu a pa kompyuta, ndipo panabwera mnyamata wanzeru zake, khodi analemba bwinobwino. Koma pa sivi yake panali mpata, kuchokera kumapeto kwa 2021 mpaka kumapeto kwa 2023 palibe chimene chinalembedwa. Titamufunsa anati ankagwira maganyu, kupangira makasitomala mawebusaiti atsopano pogwiritsa ntchito React. Chabwino, zimachitika. Mnzanga anangofunsa kafunso kamodzi, kuti poyambitsa pulojekiti yatsopano nthawi imeneyo ankalemba chiyani mu `index.js`. Iye n'kuyankha kuti `ReactDOM.render`. Tinamufunsa za `createRoot`, anangoti kakasi.

React 18 inatuluka mu Malichi 2022. Kuyambira pamenepo ukalemba `ReactDOM.render` unkalandira chenjezo lokuuza kuti usinthe, uyambe kugwiritsa ntchito `createRoot`. Munthu amene ankayambitsa mapulojekiti atsopano zaka ziwiri zonsezo n'zovuta kwambiri kuti asakumane nazo zimenezi. Titakumba pang'ono, makasitomala aja anasowa mayina, khodi yoti tione panalibe, kenako zoona zinatuluka: ankadwazika bambo ake. Kudwazika kholo! Chinthu choti akanachinena poyamba pomwe ife tikanangogwedeza mutu n'kupitirira. Mwina wina anamuuza kuti mpata pa sivi ndi manyazi, kaya. Koma ntchito waitaya chifukwa cha bodza, za mpatazo palibe amene anadandaula nazo.

Chozemba chinakumana ndi chokwawa. Pa intavyu ya zaukadaulo amene akukufunsani ndi anthu oti ntchitoyo amaigwira tsiku ndi tsiku. Mukati "ndinkapanga maganyu", funso lotsatira ndi lakuti munagwiritsa ntchito chiyani, chinavuta n'chiyani, munachikonza bwanji, tione khodiyo. Ndipo khodi imanena yokha tsiku lake, `git log` ikangotsegulidwa madeti onse ali poyera. Bodza limodzi limafuna mabodza ena asanu olichirikiza, ndipo muwapeke pomwepo, anthu akukuyang'anani m'maso. Simungakwanitse. Choipa kwambiri n'chakuti tikakugwirani bodza limodzi timayamba kukayikira ngakhale zoona zimene zili pa sivi yanu, za ntchito yakale ija imene munaigwiradi ndi thukuta lanu.

Nanga chovuta n'chiyani kungonena? Mnyamata uja akanati: "Ndinasiya ntchito mu Novembala 2021 kuti ndidwazike bambo anga, ndipo zaka ziwiri sindinalembe khodi ya pantchito. Nkhaniyo inatha, tsopano ndine wokonzeka kugwira ntchito tsiku lonse. Miyezi itatu yapitayi ndatenga pulojekiti yanga yakale n'kuisamutsira ku React 18, ili pa GitHub, mutha kuiona." Basi, atseke pakamwa. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi. Mwanena nthawi yake, mwanena chifukwa chake mwachidule, mwatitsimikizira kuti chimene chinakuchotsani sichikuchotsaninso mawa, ndipo mwatipatsa chinthu chogwirika choti tikufunsenipo. Apo nkhani yachoka kale pa mpata uja, yabwerera ku khodi, kumene muli ndi mphamvu.

Osapepesa. Osayamba kufotokoza dzina la matenda, mankhwala ake, ndi mmene achibale anakuthawirani. Sitinafunse zimenezo. Ndipo ngati miyezi yapitayi simunakhudze kompyuta n'komwe, musapekenso pulojekiti, limenelo ndi bodza lomwelija mwangolisintha malaya. Khalani pansi kaye, konzani kanthu kakang'ono kamene kakugwiradi ntchito, ndiye mudzabwere. Tikakufunsani chinthu chimene chinatuluka inu kulibe, nenani kuti chimenecho sindinachigwiritsebe ntchito, chimene ndikuchidziwa ndi chakale chija, ndipo chinkayenda motere. Munthu wotere ine ndimamukhulupirira, chifukwa tsiku limene adzagwetse sistimu usiku adzanena kuti ndine ndagwetsa, sadzatisiya tikusakasaka mpaka kucha.

Kaya munachotsedwa ntchito kampani itachepetsa anthu, kaya munadwala, kaya munali kulera mwana, kaya munayesa bizinesi n'kugwa, nenani. Nenani mutadzutsa mutu. Zoona zake n'zazifupi, sizifuna kuloweza.

Komanso inu ofunsa mafunso muli ndi mlandu wanu. Mayi wakuuzani kuti anali kulera mwana, inu m'malo momufunsa za khodi mukumufunsa kuti "ndiye mukuganiza zobereka wina liti?" Zikukukhudzani chiyani? Wina wanena kuti anadwala, inu mukufuna dzina la matenda ngati ndinu adokotala ake. Mupatseni munthuyo vuto alithetse pa bolodi, muone ngati akutha. Kenako mumadabwa kuti bwanji anthu akukunamizani.