Womupatsa nthawi yolowera ndi yowerukira si waganyu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Achimwene anga akhala akuwotcherera zitsulo zaka 3 pa kampani ina ku Moatize. Kulowa 7 koloko m'mawa, kuweruka 5 koloko, ovolosi ya kampani, makina a kampani, akachedwa kapitawo amawadula ndalama. Sabata yatha galayindala yawadula zala ziwiri. Atapita ku ofesi dzanja lili m'bandeji, akuwatulutsira pepala ati "inu si wantchito wathu, tinangogwirizana kuti muzitithandiza." Zoona? Zaka 3?

Wodzigwirira yekha timamudziwa. Ndi mmisiri uja mumamuitana kuti akupangireni geti. Amabwera ndi makina ake, mumapangana mtengo wa getiyo, amasankha yekha tsiku, akamaliza amapita kwa kasitomala wina. Mumalipira geti, simulamula tsiku lake. Koma munthu amene mukumuuza nthawi yolowera, pogwirira, kagwiridwe kake, ndi kumulipira pa mwezi, ameneyo ndi wantchito wanu. Lamulo la ntchito la Mozambique, nambala 13/2023, limayang'ana ngati munthu akugwira pansi pa ulamuliro wa wina. Mutu wa pepala mungaulembe mmene mufunira, wolamulidwa ndi wantchito basi.

Amachitira dala pothawa ndalama, palibe china. Taonani zimene achimwene ataya. Amalandira 12,000 metikali pa mwezi. Ku INSS, bungwe la boma loona za penshoni ndi chithandizo cha antchito, kumayenera kupita 7 peresenti, 4 ya bwana, 3 ya wantchito. Ndiye 480 kuphatikiza 360, yonse 840 mwezi uliwonse. Pa miyezi 36 ndi 30,240 metikali imene sinalembedwe pa dzina lawo. Penshoni idzachokera kuti? Chithandizo cha pamene akudwala chichokera kuti? Inshuwalansi ya ngozi za pantchito, imene bwana amakakamizidwa kudulira antchito ake, iwo mulibe. Tchuthi cholipidwa sanachionepo. Kuchotsedwa ntchito chonchi, opanda chidziwitso, opanda chipukuta misozi, chifukwa "si wantchito".

Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Mukufuna kulamula munthu ngati wantchito, senzani udindo wa bwana. Simungamufune 7 koloko tsiku lililonse kenaka n'kumukana tsiku limene magazi atuluka.

Ine ndawauza achimwene kuti asataye kalikonse: ovolosi, chitupa cholowera pageti, mauthenga a kapitawo pa foni, mauthenga a malipiro a mwezi ndi mwezi. Umboni wake ndi umenewo. Lolemba tikupita nazo kwa oyendera za ntchito ku Tete, ndipo ndikawaperekeza ndekha.

Komanso inu amene mumadulidwa 3 peresenti pa malipiro, munakafunsapo ku INSS ngati ndalamayo imafika? Mnansi wathu ku Ulongwe anadulidwa zaka ziwiri, atakafunsa anapeza miyezi inayi yokha. Yotsalayo inapita kuti?