CHENJEZO KWA OPHUNZIRA: Ntchito yogula ija sinathere pomwe munakhoza

Ana inu a m'makoleji, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndakhala zaka zambiri ndikuchonga mapepala anu, ndipo khalidwe lomwe lafala masiku ano likundiwawa mtima. Mukupereka ndalama kwa anthu osawadziwa kuti akulembereni asayimenti ndi mapulojekiti. Mukutola mayankho pa magulu a WhatsApp ngati mango ogwa okha. Ena mukuponya ntchito yanu, yomwe munaivutikira usiku, pa masamba a pa intaneti kuti akutsegulireni ya anzanu. Zonsezi mukuchita modalira chinthu chimodzi: kanambala kochepa komwe Turnitin, pulogalamu yoyesa kufanana kwa ntchito yanu ndi zolemba za ena, yaonetsa tsiku lopereka. Mukaona 8%, mumati zatheka, n'kukagona tulo. Ndikukuuzani ine, nambala imeneyo imangonena za tsiku lomwelo basi. Za mawa sinena.

Muyambe mwadziwa chomwe makinawa amachita, chifukwa ambiri mumawaopa osawamvetsa. Turnitin inayamba mu 1998 ku America, ndipo chuma chake chenicheni ndi nkhokwe. Pepala lanu likalowa, amaliduladula m'timagulu ta mawu otsatizana, n'kufananiza timaguluto ndi zinthu zitatu: zolembedwa pa intaneti, mabuku ndi majenolo, komanso mapepala a ophunzira ena omwe anaperekedwa kale m'masukulu a m'maiko osiyanasiyana. Chachitatuchi ndi chomwe mumachiiwala. Mphunzitsi akamakonza malo operekera ntchito amasankha pakati pa `standard paper repository` ndi `no repository`. Akasankha choyambacho, pepala lanu likangoyesedwa limasungidwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo limakhala muyeso woyesera aliyense wobwera pambuyo panu. Nkhokweyi imakula tsiku ndi tsiku. Masamba a pa intaneti omwe makinawa anali asanawaone chaka chatha, chaka chino awaona. Lipoti limatha kupangidwanso mwatsopano, ndipo pepala lomwe linali lobiriwira mu Juni likhoza kufiira mu Okutobala popanda inu kusinthamo ngakhale chilembo chimodzi.

Ndikufotokozereni zomwe ndinaona ndi maso anga. Dzina la mwanayo ndi la sukulu sindinena.

Mnyamata wa chaka chachinayi anandibweretsera pulojekiti yonena za banki m'khonde ndi momwe imathandizira amayi ochita malonda ang'onoang'ono. Inali yolembedwa bwino. Lipoti linaonetsa 9%, ndipo zofananazo zinali mayina a mabuku ndi mawu ochepa ogwidwa moyenera. Ndinachonga, anakhoza. Patapita miyezi inayi ndinalandira imelo yodzera ku Turnitin: mphunzitsi wa koleji ina, kutali ndi kwathu, ankapempha kuona pepala la wophunzira wanga chifukwa linafanana 78% ndi lomwe wophunzira wake anali atangopereka. Umu ndi momwe zimakhalira. Mphunzitsi winayo saona pepala lonse, amangoona mawu akuti `Submitted to` ndi dzina la sukulu yathu, kenako amatumiza pempho.

Poyamba ndinaganiza kuti mwana wanga waberedwa, popeza ndiye anayamba kupereka. Tinaika mapepala awiriwo pambalimbali. Dzina la boma linali losiyana, mayina a midzi anali osiyana, koma pa tsamba lina m'pepala la mnyamata wanga munatsalira dzina la msika womwe suli m'boma lomwe ankati anachitako kafukufuku, ndiponso suli m'boma la mnzakeyo. Msikawo unali wa boma lachitatu. Mapepala onse awiri ankati anafunsa amayi 60, koma tebulo la zaka zawo likaphatikizidwa limakwana 63, konsekonse. Buku lina linalembedwa ndi chaka cholakwika, cholakwika chofanana m'mapepala onse. Ana awiriwa sankadziwana. Apa m'pomwe tinazindikira kuti panali dzanja lachitatu, lomwe linalemba kamodzi n'kumagulitsa kangapo, likungosintha mayina a malo.

Titamuitana, sitinamuonetse lipoti ayi. Ndinangomufunsa kuti, "Mwana wanga, amayi 60 aja unawasankha bwanji, ndipo mapepala a mafunso omwe anayankha ali kuti?" Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Tinatsegula fayilo yake ya Word, pa `File` kenako `Info`, ndipo pa `Author` panali dzina la munthu wina. Anavomera kuti analipira K60,000, ndipo wogulitsayo anamutumizira lipoti la 8% ngati chikole, atalumbira kuti ntchitoyo ndi yake yokha. Dzina lake linachotsedwa pa mndandanda wa omaliza maphunziro chaka chimenecho. Bambo ake, omwe anagulitsa fodya zaka zinayi kuti alipire fizi, anabwera okha kudzafunsa chomwe chachitika. Nkhope yawo sindidzaiiwala.

Tsono taganizani za lipoti lomwe wogulitsa amakuonetsani. Analipeza bwanji? Pali njira ziwiri zokha, ndipo zonse zimakupwetekani inu. Ngati anayesa pepalalo pa akaunti yosasunga, lipoti limatuluka loyeradi, koma pepalalo likadali m'kompyuta mwake, ndipo palibe chomuletsa kuligulitsanso sabata yamawa. Munthu yemwe ntchito yake ndi kuthandiza anthu kunama, mukuganiza kuti inu nokha ndiye sangakunamizeni? Ngati anayesa pa akaunti yosunga, mwina ya sukulu ina ya kunja yomwe anaipeza mwachinyengo, ndiye kuti pepala lanu lalowa kale m'nkhokwe inu musanalipereke. Mukadzalipereka, lidzafanana ndi lokha pafupifupi lonse, ndipo pa lipoti padzaoneka dzina la yunivesite ya dziko lomwe simunapondeko.

Chachiwirichi chimagweranso ana osalakwa, n'chifukwa chake ndikukalipa chonchi. Mwalemba nokha, mwavutika nokha, koma chifukwa cha mantha mwapatsa munthu wa pa WhatsApp kandalama kuti "akuyesereni kaye". Mwapereka ntchito yanu yonse kwa mlendo, ndipo simudziwa komwe waiika. Chimodzimodzi masamba oyesa ulere. Ena mwa iwo analemba m'malamulo awo, aja mumangodina osawerenga, kuti pakapita nthawi akhoza kuika pepala lanu poyera. Ngati sukulu yanu ili ndi malo oyesera ntchito musanapereke, gwiritsani amenewo. Ngati ilibe, pitani kwa supavaiza wanu mukafunse. Safunsa anadya phula.

Nanga za nkhokwe za mayankho? Masamba ngati Course Hero ndi Studocu amakupatsani mwayi wotsegula zolemba za ena mukalipira kapena mukaikapo zanu. Mumaona ngati mwapeza zaulere, pomwe mwalipira ndi asayimenti yanu ya chaka chatha, ili ndi dzina lanu ndi nambala yanu pachikuto. Wa chaka chapansi akaitola n'kuipereka, lipoti lidzaloza kwa inu, ndipo m'masukulu ambiri wopereka ntchito yoti ikoperedwe amayankha mlandu limodzi ndi wokoperayo. Pa magulu a kalasi ndiye zimapweteka koposa. Makinawa sadziwa yemwe analemba. Amangodziwa yemwe anayamba kupereka. Mukatumizira mnzanu ntchito yanu Lolemba kuti "angoonerako", iye n'kupereka Lachiwiri, inu Lachisanu, pa lipoti wooneka wakuba ndinu. Ndipo ngakhale nonse mutaoneka oyera popereka, mphunzitsi angathe kukonza kuti malipoti apangidwenso tsiku lotsekera, mapepala a kalasi yonse n'kufananizidwa okhaokha.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, ife timasintha mawu. Mumalowetsa ndime m'timapulogalamu tosintha mawu, nambala n'kutsika. Inde imatsika. Koma dongosolo la mfundo silisintha, mndandanda wa mabuku susintha, manambala a m'matebulo sasintha, ndipo zolakwika zimasamuka momwe zilili, monga 63 uja. Chizungu chotuluka m'timapulogalamuto chimamvekanso chachilendo, moti wochonga amaima n'kuyamba kufufuza. Zobisa zilembo zoyera pakati pa mawu, kapena kusinthanitsa zilembo ndi za chinenero china zooneka mofanana, Turnitin imaziika pa gawo la `Flags`. Pamenepo simunganene kuti munalakwitsa mosadziwa, chifukwa chinyengo chochita kukonza chaonekera.

Kunena chilungamo, nambala payokha si chigamulo. Pepala la 30% likhoza kukhala loyera ngati zofananazo ndi mawu ogwidwa moyenera ndi mayina a mabuku, pomwe la 5% likhoza kukhala logula lonse. Aphunzitsi anzanga omwe mumangoyang'ana mtundu wa lipoti osatsegula kuona zomwe zafanana, nanunso mukulakwa, ndipo ndinu mwaphunzitsa anawa kupembedza nambala m'malo molemba.

Mlandu suola. Ku Germany, Annette Schavan analemba ntchito yake ya udokotala mu 1980. Mu 2013, patatha zaka 33, yunivesite ya Düsseldorf inamulanda digiriyo chifukwa cha zokopera, ndipo anatula pansi udindo wa nduna ya zamaphunziro. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2011, nduna ya zachitetezo ya dziko lomwelo, Karl-Theodor zu Guttenberg, inalandidwa digiri ndi yunivesite ya Bayreuth, n'kutulanso pansi udindo. Awo anagwidwa ndi anthu owerenga ndi kufananiza mwakhama, tsamba ndi tsamba. Yanuyi ili kale m'nkhokwe, pomwe kufananiza kumatenga mphindi zochepa.

Inu muli ku Mangalande pa sikolashipu, dziwani kuti kuyambira 2022 lamulo la ku England limaletsa kugulitsa kapena kutsatsa ntchito yolembera ophunzira, ndipo Ireland ndi Australia anakhazikitsa kale malamulo otere. Lamulolo limalimbana ndi wogulitsa, koma inu sukulu ndiyo idzathana nanu, ndipo malo a sukulu akatayika, viza nayo imagwedezeka. Palinso china chomwe ogulitsawa sanena potsatsa. Ali ndi dzina lanu, nambala yanu ya foni, dzina la sukulu yanu ndi umboni wa ndalama yomwe munatumiza. Alipo omwe amabwereranso patapita nthawi n'kumati onjezani ndalama, apo ayi tikuuza akuluakulu a sukulu yanu.

Ngati mwalemba nokha, dzitetezeni. Sungani madirafuti anu onse ndi masiku ake, osangosunga lomaliza. Sungani manotsi olemba pamanja, mapepala a mafunso omwe anthu anayankha, ndi maimelo omwe munkatumizirana ndi supavaiza. Tsiku lomwe pepala lanu lidzafanane ndi la munthu wina, zimenezi ndi zomwe komiti idzafune kuona. Ngati munaika kale ntchito yanu pa masamba aja, lowani lero muichotse, ngakhale sindingakulonjezeni kuti palibe amene anaitenga kale. Ndipo ngati muli ndi pepala logula lomwe simunapereke, musalipereke. Pitani kwa mphunzitsi wanu mawa m'mawa, mukamuuze kuti nthawi yakutherani, mupemphe masiku owonjezera.