Zoti "sanafune kupha" musandiuzenso, ankadziwa chani?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Kudera kwathu kuno kamnyamata kafa sabata yathayi chifukwa bambo wina anatopa ndi akuba nkhuku nkutenga waya wamagetsi kuchokera mu soketi ya m'nyumba mwake kukamangirira ku waya wa mpanda kuseli kwa khola. Mwana uja mpira wake wachikulunga unagwera mkati madzulo kutagwa mvula, anagwira mpanda osavala nsapato, basi mwana wapita. Maliro tayika kale. Koma chomwe chandipsetsa mtima kwambiri ndi zomwe anthu akulemba pa gulupu ya WhatsApp ya dera lathu, anthu akuluakulu ophunzira bwino, ena akuti "inali ngozi, mkuluyu sanafune kupha mwana, ankafuna kuopseza akuba", enanso akuti "wapha basi, anyongedwe". Onse akuyankhula ngati milandu ya imfa ilipo iwiri yokha, wapha dala kapena alibe mlandu. Abale sizili choncho ayi.

Lamulo silifunsa zoti munthu ankafuna chani zokha, limafunsanso kuti ankadziwa chani pomwe amachita chinthucho. Mumve bwino pamenepa chifukwa ndi pomwe ambiri mukusochera. M'buku lathu la malamulo a zaupandu, ndime 209 ndi ya kupha mwadala, uja ambiri amangoti meda, ndipo ndime 212 ndiyo imafotokoza mtima umene munthu ayenera kukhala nawo kuti mlandu wake ufike pamenepo. Poyamba ndi kufuna kupha kapena kufuna kuvulaza koopsa munthu wina aliyense, kaya amene wafayo ndi yemwe umamufuna kaya ndi wina. Ndiye inu amene mukuti "ankafuna akuba osati mwana" mwamumangitsa kale mnzanuyo osadziwa. Ngati anatchera wayayo kuti wakuba akagwira afe kapena avulale kwambiri, zoti wagwira ndi mwana sizichotsa kanthu, mtima wofuna kupha uja umangosamukira pa amene wafayo. Wakubanso ndi munthu, lamulo limalola kuteteza katundu koma ndi mphamvu yoyenera, simungaphe munthu chifukwa cha nkhuku zisanu.

Tiyerekeze kuti mkuluyu akunena zoona, sankafuna kuti aliyense afe, ankangofuna kuti mbiri imveke kuti mpanda wa uje umagwira. Ndime 212 yomweyo ikupitiriza kunena kuti ngati ukudziwa kuti chomwe ukuchitacho mosakayika kwenikweni chipha kapena chivulaza koopsa munthu wina, ndi meda ndithu, ngakhale utakhala kuti ulibe nazo ntchito kuti wina afa kapena ayi, ngakhalenso utakhala kuti mumtima ukulakalaka kuti pasafe munthu. Ngakhale ukulakalaka kuti pasafe munthu! Ndiye "sindinafune" wanuyo akuthandiza chani apa? Magetsi a m'nyumba ndi mavoti 230, ndipo sali ngati mpanda wamagetsi weniweni uja amaika m'mafamu ndi m'nyumba za mabwana, umene uli ndi makina ake otumiza mphamvu pang'onopang'ono modukiza kuti munthu adzidzimuke achotse dzanja. A mu soketi akakugwira dzanja limafumbata wayayo osatha kusiya, ndipo ngati waponda pamatope opanda nsapato mtima umasokonekera pompo. Munthu wamkulu amene anakhala pansi nkusenda waya ndi mpeni, kupota pa mpanda, kumayatsa switchi dzuwa likamalowa ndi kuzimitsa m'mawa ana ake asanatuluke, akandiuze kuti sankadziwa kuti zimenezi zimapha? Nanga ankazimitsiranji m'mawa?

Mwina wina afunsa kuti jaji alowa bwanji m'mutu mwa munthu. Salowa, amayang'ana zomwe munthuyo anachita ndi zomwe ananena. Anayika chikwangwani chochenjeza kapena anabisa wayayo m'maudzu? Mpandawo uli m'mbali mwa kanjira komwe ana amadutsa popita ku mjigo kapena uli kutchire kopanda anthu? Ananenapo pa bawo kuti "akabweranso aona, ndiwaotcha"? Apa anthu oyandikana nawo akunena kuti galu wa neba anafera pa mpanda womwewo mwezi wathawu, ndipo mayi wina anapita kukamuuza kuti achimwene chotsani ichi mudzapha ana athu, iye nkuyankha kuti aliyense asunge ana ake. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati mboni zikanene zimenezi m'khoti ndipo jaji nkukhulupirira, nkhani ya "sindimadziwa" yathera pa galu uja, chifukwa kuyambira tsiku limenelo anaona ndi maso ake zomwe waya wake amachita ndipo anasankha kuyatsabe. Oimira boma ndi amene ayenera kupereka umboniwo mpaka kukayika kwanzeru kuthe, woimbidwa mlandu si amene ayenera kudziyeretsa, zimenezo ndikudziwa ndipo ndikugwirizana nazo. Koma umboni wa zomwe munthu ankadziwa umapezeka, sumagwa kumwamba.

Tsono pali malo apakati pomwe anthu a "anyongedwe" nawonso akuyenera kudekha. Pali munthu amene anaona kuti ngozi ingathe kuchitika koma osati yoti mosakayika ichitika, nkungoti aa zidzaoneka konko. Uku ndi kuchita mosalabadira, waona dzenje nkupitabe. Tinene kuti mnzathu wina anakoka waya kupita ku kanyumba ka kuseli ka alendi, wayayo anadutsitsa pamwamba pa mpanda, pamene analumikiza anangokulunga ndi jumbo m'malo mwa tepi, ndipo tsiku lina mkazi wake anamuuza kuti mpanda ukunyerenyetsa ukaugwira, iye nkuti ndikonza malipiro akatuluka. Sanatchere munthu, sankafuna kuvulaza aliyense, koma ankadziwa kuti pali vuto ndipo analisiya. Mwana akafa pamenepo, nthawi zambiri uwu ndi mlandu wa ndime 208, uja manyuzi amati kupha mwangozi, ndipo musapusitsidwe ndi dzinalo chifukwa chilango chake chikhoza kufika mpaka moyo wonse kundende malinga ndi ndime 211. Kusiyana kwa uyu ndi wa khola uja kuli pa kukula kwa chomwe ankadziwa, wina ankadziwa kuti amene agwire zake zada, winayu ankadziwa kuti mwina tsiku lina zingavute. Mpata wake ndi wochepa ndipo maloya amalimbana pomwepa masiku ambiri m'khoti, koma mpatawo ulipo, ndipo ndi umene umasiyanitsa meda ndi mlandu winawo.

Wachitatu ndi amene sanaone nkomwe vutolo koma munthu wanzeru zake akanaliona. Uku ndiye kusasamala. Apa lamulo silifulumira kumanga chifukwa tonsefe timalakwitsa, ndipo si kulakwitsa kulikonse komwe kumapititsa munthu kundende. Kusasamala wamba kumathera pa kulipira chipukuta misozi, kuti kufike pa mlandu wa kupha kuyenera kukhala kwakukulu moti aliyense akamva agwire pakamwa. Makhoti athu amatengera kwambiri zigamulo za ku England pa mfundo imeneyi, ndipo kumeneko kuli mlandu wodziwika wa Adomako wa 1994, dokotala wogonetsa odwala amene pa opaleshoni ya diso paipi yopumira ya wodwala inachoka iye osazindikira kwa mphindi zingapo mpaka mtima wa wodwalayo unaima. Sankafuna imfa, sanaonenso ngoziyo, koma ntchito yake yonse m'chipindamo inali kuyang'anira kupuma kwa munthuyo, ndiye anamupeza wolakwa. Chimodzimodzi wamagetsi amene mwamulipira kuti akuikireni mawaya nkusiya waya wamoto ukukhudza fulemu ya chitseko osayeza nkomwe, ameneyo "sindimadziwa" samupulumutsa chifukwa kudziwako ndiye ntchito yomwe analandirira ndalama.

Ngozi yeniyeni ilipo, sindikukana, ndime 9 imanena kuti munthu sayankha mlandu pa chinthu chochitika mwangozi. Mphepo yagwetsa nthambi usiku, nthambi yadula waya womwe unaikidwa bwino, waya wagwera pa mpanda, mwini nyumba ali mtulo. Imeneyo ndiye ngozi. Koma waya wosenda ndi mpeni wako, wopota ndi manja ako, woyatsa ndi chala chako madzulo alionse, ukaitcha ngozi ukunyoza mayi amene waika mwana wake m'manda. Inde umbava wakula ndipo apolisi ukawaitana usiku amati galimoto ilibe mafuta, tonse tatopa nazo, koma kutopa sikusintha zomwe unkadziwa. Lamulo silisamala chifukwa chomwe unachitira, kaya ndi nkhuku kaya ndi mkwiyo, zimenezo ukazinene popempha kuti chilango chichepe, osati pokana mlandu.

A "anyongedwe" inu dziwaninso kuti kuyambira pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 chilango cha imfa sichibweranso chokha munthu akapezeka wolakwa pa meda, jaji amayang'ana munthuyo ndi momwe zinachitikira, ndipo kuno munthu ananyongedwa komaliza mu 1992. Ndiye kukuwa kwanuko sikuthandiza banjalo, kukungokolezera anyamata amene akufuna kukaotcha nyumba, momwe muli mkazi ndi ana osalakwa, ndipo akakaponya petulo akudziwa kuti mkati muli anthu, ndime 212 yomweyo idzawapeza iwonso, "timangofuna kuotcha nyumba" sadzawathandiza.

China chomwe chikundinyansa ndi ichi chayambika mwakachetechete, achibale a mkuluyu agula bokosi, abweretsa matumba a chimanga pa maliro, ndiye akuluakulu ena ayamba kupita kwa mayi wa mwana uja kuti "nkhaniyi tikambirane pachibale, mukauze apolisi kuti mwakhululuka". Mayi woti misozi sinaume mukumusenzetsa katundu wotere? Mlandu wa imfa ndi wa boma, umakazengedwa ku khoti lalikulu, si wa amfumu ndipo si wa banja kuti liuchotse. Kugula bokosi ndi umunthu, chitani, koma bokosi siligula mlandu. Mlandu suwola. Ndipo mayi uja anakachenjeza za galu, ndamva ena ayamba kumuuza kuti asakapereke sitetimenti chifukwa adzadana ndi aneba. Anthu omwewo amene ana awo amadutsa kanjira kameneko tsiku ndi tsiku popita kusukulu. Musiyeni mayiyo akanene zomwe anaona.