Chenjezo kwa ana a foreksi: mizere ya MACD ikadutsana musamangodina

Ana anga a ku Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuwa amene mwalowerera foreksi ya pafoni, tcherani khutu. Khalidwe lomangodina Buy mukaona mzere wa MACD, chida cha pa tchati choyezera mphamvu ya kayendedwe ka mtengo, wadutsa wa siginolo likutherani ndalama, zina za fizi, zina zotuluka thukuta pa kabaza. Mukuchita zachibwana.

Mzere wa MACD ndi EMA 12 kuchotsapo EMA 26, ndipo siginolo ndi EMA 9 ya MACD yomweyo. Zonsezi ndi avereji ya mitengo yomwe yadutsa kale, n'chifukwa chake zimafika mochedwa. Msika ukamalowera mbali imodzi kuchedwako sikupweteka kwenikweni, poti ulendo umakhala udakalipo. Koma mtengo ukamangozungulira pakati pa denga ndi pansi, muona zakuda.

Tiyerekeze EUR/USD pa H1, tchati cha makandulo a ola limodzi, ikungosewera pakati pa 1.0800 ndi 1.0860. Yanyamuka pansi, koma mizere yadzadutsana pa 1.0840, inu n'kugula. Kumwamba kwatsala mapipi 20 okha, kunsi kuli 40. Kuli ngati kukwera minibasi yochokera ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu itafika kale pa Kaning'ina, n'kulipira mtengo wa ulendo wonse. Mtengo wagunda denga, wabwerera, mizere yadutsananso pa 1.0820. Mwatseka mutaluza mapipi 20 kuphatikiza sipuredi, kenaka mwa mkwiyo mwadina Sell, pansi patatsala mapipi 20 basi. Mawa lake zomwezo, kenaka muzidzati buloka wakuberani!

Chikhalirecho msika wotere subisala. Mizere iwiri ija imapotana pafupi ndi ziro, timipiringidzo ta hisitogalamu timakhala tatifupi, ndipo timasintha mbali pakangodutsa makandulo ochepa. Tsegulaninso H4, tchati cha makandulo a maola anayi: nsonga zikamathera pamalo amodzimodzi, siyani za kudutsana kwa mizere.

Hisitogalamu, yomwe Thomas Aspray adaibweretsa mu 1986, ndi mpata wa pakati pa MACD ndi siginolo. Ikafika pa ziro ndiye kuti mizere yadutsana, ndiye musamawerenge ngati mboni ziwiri. Ndi mboni imodzi. Phindu lake lili ziro asanafike. Mtengo ukamakwera, timipiringidzo n'kumatalika, ogula adakali ndi mphamvu. Ukaswa nsonga yakale koma timipiringidzo n'kukhala tatifupi kuposa ta nsonga yoyamba ija, mphamvu ikuzilala. Apo musawonjezere loti, sunthani Stop Loss ibwere pafupi. Koma si chilolezo chogulitsa ayi, pakuti mtengo umatha kupitirira kukwera pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Ndipo dikirani kandulo itseke. Kampiringidzo komaliza kamasinthasintha.

Inu a MT4 ndi MT5, timipiringidzo ta MACD yobwera ndi pulogalamuyo si hisitogalamu yomwe ndikunenayi. Umenewo ndi mzere wa MACD wojambulidwa ngati timipiringidzo. Mpata weniweni uli pa chida china chotchedwa OsMA. Ikani imeneyo musanatsegule tiredi ina.