Chimbudzi chikada bii, lekani kusaka amene wakutembererani

Ana anga, ndi inu akuluakulu anzanga, ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa mwana wa mchemwali wanga tinatsala pang'ono kumuika m'manda ndi matenda amene mankhwala ake amamwedwa masabata owerengeka chabe. Wandilola kufotokoza nkhani yake, dzina lokha ndilisunga.

Ndi bambo wa zaka 34, mmisiri womanga nyumba, wa mkazi ndi ana atatu. Anakangana ndi azakhali ake pa nkhani ya ngongole, mawu anakula, ndipo mayiwo potuluka pakhomo anati: "Mwana iwe, uona." Patapita masabata atatu, m'mimba munayamba kumupweteka. Malo ake anali amodzi, apa pamene nthiti zimakumana pansi pa chifuwa, moti ankatha kuloza ndi chala chimodzi. Ankati mukuotcha ngati mwagwera khala la moto. Chimene chinamuopsa kwambiri chinali nthawi yake.

"Amalume," anandiuza tsiku lina titakhala awiri, "matenda anji odziwa koloko? Masana ndikakhuta ndimagwira ntchito bwinobwino. Koma usiku cha m'ma 2 koloko, anthu onse ali m'tulo, chimabwera n'kundidzutsa. Ndikadya kanthu chimakhala chete, ngati chimafuna kudyetsedwa. Azakhali aja anandiika chinthu m'mimba."

Ine ndinangomuuza kuti apite kuchipatala, ndinanena kamodzi basi, kenako ndinapita kwathu. Sindinamugwire dzanja kupita naye. Kulakwa kumeneko ndi kwanga ndipo sindikubisa.

Tsono mverani, chifukwa zimene iye anaziona ngati umboni wa temberero ndi zomwezo zimene dokotala amadziwira zilonda za m'mimba. Chifu cha munthu chimatulutsa asidi wamphamvu wogayira chakudya. Kuti asidiyo asatenthe mnofu, m'kati mwa chifu ndi poyambira matumbo mumakutidwa ndi zoterera zonga mamina. Chotchingiracho chikawonongeka pena pake, asidi amafika pa mnofu n'kukumba chilonda. Ngati chilondacho chili poyambira matumbo, pamene chakudya chimatulukira kuchoka m'chifu, chimapweteka kwambiri m'mimba mukakhala mopanda kanthu: maola awiri kapena atatu mutadya, komanso pakati pa usiku, pamene asidi akutsikira pabalapo popanda chakudya chomusungunula. Mukadya, asidi amasakanikirana ndi chakudyacho ndipo ululu umayamba waleka. Chilonda chikakhala m'chifu mwenimwenimo zimatha kutembenuka, munthu n'kumamva kuwawa akangodya, mpaka kuyamba kuopa chakudya ndi kuonda.

Matendawa alinso ndi khalidwe lina limene limapusitsa anthu ambiri: amabwera masabata angapo, n'kuzimiririka, n'kudzabweranso. Muphwa wangayu anapita kwa munthu wina wodziwika kuti amachotsa matemberero. Anamumwetsa zosanzitsa, nasanza mpaka kufooka, ndipo sabata yotsatira ululu unachepa. Iye anati zatheka. Utabweranso patatha mwezi, anati azakhali atumizanso china. Anawaletsa ana ake kuponda pakhomo pawo. Mayi amene anamubereka kumsana ali khanda anayamba kulozedwa zala.

Apa ndi pamene ndikufuna kukudzudzulani nonse amene mumameza mapiritsi opha ululu ngati maswiti. Ntchito yonyamula njerwa inkamupweteketsa msana, choncho kwa zaka ankamwa burufeni kapena dikilofenaki m'mawa asanadye kanthu. M'mimba mutayamba kuwawa, anawonjezera omwewo, katatu kapena kanayi pa tsiku, poganiza kuti opha ululu amapha ululu uliwonse. Mankhwala a mtundu umenewu, pamodzi ndi asipirini, amachepetsa zoterera zija zimene zimateteza chifu, ndipo amachedwetsa magazi kuundana pabala. Msana umapepuka inde, koma chilonda chimakumbika mozama. Ankasutanso fodya, amene amachedwetsa bala kupola. Usiku ankamwa mkaka, ululu n'kuzizira kanthawi, osadziwa kuti mkakawo pambuyo pake umachititsa chifu kutulutsa asidi wina.

Anakhala choncho miyezi isanu ndi iwiri.

Tsiku lina anaona kuti chimbudzi chake chada bii, chonata ngati phula la mumsewu, cha fungo loipa kuposa masiku onse. Anasangalala, akuti choipa chija chayamba kutuluka. Sanamuuze mkazi wake. Masiku anayi chinkatuluka chotero, iye akumva chizungulire akaimirira, mtima ukugunda mothamanga, mpweya ukumuthera akangokwera makwerero. Tsiku lachisanu anagwa pantchito, mwamwayi ali pansi osati pamwamba pa khoma. Anzake ndi amene anathamanga naye kuchipatala.

Ndinamupeza atagona, milomo itayera, zikhatho zili mbuu. Dokotala, mayi wamng'ono msinkhu koma wodekha, anandiitanira pambali. "Bambo, chakuda chimene ankatulutsacho ndi magazi. Magazi akatuluka kumtunda, m'chifu kapena poyambira matumbo, amagayika akamatsika ndipo amatuluka akuda. Mwana wanuyu wakhala akukha magazi m'kati." Atamuyeza, magazi ake anali atatsika kufika pa 7, pamene mwamuna wathanzi amayenera kukhala pa 13 kapena kuposa. Anamuwonjezera magazi. Atapezako mphamvu anamulowetsa kachingwe ka kamera kudzera kukhosi, ndipo chilondacho chinaoneka poyambira matumbo, chachikulu ngati chikhadabo cha chala. Anatapa kanyama pang'ono m'chifu kukayeza, ndipo anapezamo kachirombo kotchedwa Helikobakita pailori.

Kachirombo kameneka ndi bakiteriya amene amatha kukhala m'chifu ngakhale muli asidi, pobisala m'zoterera zija n'kumatupitsa mnofu pang'onopang'ono. Pafupifupi theka la anthu padziko lapansi ali nako, ambiri anakatenga ali ana kudzera m'malovu, m'madzi kapena m'zakudya zosasamalika, ndipo ochuluka amakalamba nako osadwala. Mwa ena, makamaka akawonjezapo mapiritsi aja ndi fodya, kamabweretsa zilonda. Ngakhale madokotala kale ankati zilondazi zimadza ndi maganizo ndi asidi wochuluka basi, mpaka pamene awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakatulukira m'zaka zoyambirira za m'ma 1980. Anzawo atakayikira, Marshall anamwa yekha madzi okhala ndi tizirombo timeneti mu 1984, ndipo patapita masiku ochepa chifu chake chinatupa. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Muphwa wanga atamva zimenezi anafunsa: "Adokotala, ndiye kuti kanalowa liti?" Iwo anati mwina kuyambira ali mwana. Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana kudenga. Ndinaona kuti akuwerenga zaka, ndipo mkangano wa ngongole uja unali wa chaka chomwecho.

Mankhwala amene anamupatsa anali a mitundu itatu. Woyamba ndi omeprazolo, wochepetsa asidi kuti bala lipeze mpata wopola. Enawo ndi opha tizirombo awiri, amokisilini ndi metironidazolo, omwa pamodzi masiku 14. Amapereka awiri chifukwa kachiromboka n'kouma mutu, mtundu umodzi wokha sukagonjetsa. Anamuuza kuti asayerekeze kumwa mowa ali pa metironidazolo, apitirize omeprazolo masabata ena atamaliza opha tizirombowo, aleke fodya, ndipo msana ukapweteka amwe parasetamolo m'malo mwa burufeni. Kwa wina dokotala angasankhe mitundu ina, malinga ndi thupi lake ndi mankhwala amene anamwapo kale, n'chifukwa chake sindikufuna kumva kuti wina wakagula yekha zimene ndatchulazi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi chiyambireni mankhwalawo, apongozi anga, mkazi wakeyo, anandiimbira foni. "Amalume, bwerani mudzalankhule nawo. Akuti achira, mapiritsi akuwawitsa m'kamwa ngati atafuna chitsulo, ndiye aleka." Ndinapita tsiku lomwelo, ndipo ulendo uno sindinanene kamodzi n'kuchoka. Ululu umatha msanga chifukwa omeprazolo wachepetsa asidi, koma tizirombo timakhala tisanathe. Ukalekera panjira, timene tatsalato ndi tolimba, timaswananso, chilonda chimabwerera, ndipo mankhwala omwe aja sagwiranso bwino ntchito. Ndinakhala pamenepo mpaka anameza a madzulo ndikuona, ndipo mkazi wake anayamba kulemba pa kalendala tsiku ndi tsiku. Patapita mwezi ndi masabata angapo atamaliza, anakayezetsa chimbudzi kuti aone ngati kachiromboko katha. Kuyeza kumeneku kumafuna kuti padutse masabata anayi chimalizireni opha tizirombo, komanso masabata awiri usakumwa omeprazolo, apo ayi zotsatira zimatha kunama kuti katha kasanathe. Zake zinatuluka bwino.

Sindikulimbana ndi chikhulupiriro cha munthu. Pempherani, ine ndimapempheranso. Koma ndikukuchenjezani kuti pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche. Chimbudzi chakuda chonata, pamene simukumwa mapiritsi owonjezera magazi amene nawonso amadetsa chimbudzi, ndi magazi. Masanzi ofiira kapena okhala ndi timibulu takuda ngati khofi wotsalira m'kapu, ndi magazi. Ululu wobwera mwadzidzidzi ngati wakubaya mpeni, mimba n'kuuma gwa ngati thabwa, ukhoza kutanthauza kuti chilonda chaboola, zam'kati zikutayikira m'mimba, ndipo munthu wotere amafunika opaleshoni maola omwewo. Amenewa musawamwetse chilichonse chosanzitsa, musawasunge m'nyumba podikira achibale asonkhane. Ndipo inu anzanga amene zaka zapita, ngati m'mimba mwayamba kumene kuwawa, mukuonda osadziwa chifukwa, mukukhuta msanga kapena chakudya chikukanirira pakhosi, pemphani kuti akuunikeni, chifukwa khansa ya m'chifu imayamba mofanana ndi zilonda.

Mwezi wathawu ndinamuperekeza kwa azakhali ake. Tinawapeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Iye anagwada patali, nati: "Azakhali, ndinakunamizirani. Anandipeza ndi zilonda za m'mimba." Mayiwo anapukuta manja pang'onopang'ono, osamuyang'ana. Anatiuza kuti miyezi yonseyi anzawo analeka kuwatuma ana, ndipo mdzukulu wawo wina anawafunsa ngati n'zoona kuti iwo amadwalitsa anthu. Kenako anatembenukira kwa ine: "Achimwene, mankhwalawo anamaliza onse?" Ndinati anamaliza. Anagwedeza mutu, natiuza kuti tilowe m'nyumba, koma kufikira lero ana a muphwa wangayo akapita kumeneko amawalandirira pakhonde.